Invoyisi yalakwika: ndipepese bwanji popanda kugwada kapena kunamizira a maakaunti?

Madalitso:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanatumize imelo iyi. Ndimagwira ntchito kumbali yogulitsa pa kampani ina yopereka katundu wa mu ofesi. Kasitomala amene takhala naye zaka zinayi anaoda makatoni 120 a mapepala osindikizira. Tinapereka 102, chifukwa ena 18 kunalibe kosungira katundu. Koma invoyisi ya pa 3 Juni inatuluka ya makatoni 120. Katoni ndi 2,500, ndiye ndi msonkho wa 20 peresenti inafika pa 360,000. Sanalipire. Dzulo makina athu awatumizira uthenga wokumbutsa ngongole, ndipo m'mawa uno mayi amene amalipira mabilu kwawoko andilembera mzere umodzi wokha: "Mukutikumbutsa ndalama ya katundu amene simunabweretse?"

Zomwe ndalemba ndi izi:

"Okondedwa Mayi, pepani, pepani kwambiri. Ndachita manyazi osaneneka moti sindikudziwa poyambira. Anzathu a ku maakaunti ndi amene analakwitsa polemba invoyisi, ndipo ndawadzudzula kale. Chonde mutikhululukire, ndagwira mwendo wanu, musatitaye chifukwa cha zimenezi. Ndikulonjeza kuti sizidzachitikanso. Pepaninso chifukwa cha vuto lililonse limene mwina takupatsani."

Ndikaiwerenga ikundinyansa ndekha, koma chochotsa sindikuchiona.

Kondwani:
Aise, chotsa pepani yenseyo. Pa bizinesi ukangonena kuti ndalakwa, wapereka wekha chingwe chokumangira, mawa abwera kufuna kuti uwatsitsire mtengo. Sintha nambala pa invoyisi, utumize, ulembe kuti "landirani invoyisi yolondola", basi. Komanso 120 ndi 102 zikuonekeratu kuti wina anangotembenuza manambala potayipa. Zimachitika tsiku ndi tsiku.

Thoko:
Achimwene, ine ndimakhala mbali inayo. Ntchito yanga ndi yomwe akugwira mayi amene akulemberaniwo: mainvoyisi amafikira pa tebulo langa, ndimawafananitsa ndi oda komanso ndi pepala lolandirira katundu, kenako ndimawaika pa mndandanda wolipira. Kalata yanu ndaiwerenga ngati yabwera kwa ine. Pepani ndamuwerenga katatu, nambala sindinaionemo ngakhale imodzi. Invoyisi iti? Yolondola ndi ndalama zingati? Pepala lokonzera lili kuti? Uthenga wokumbutsa uja ubweranso sabata yamawa kapena mwauimitsa? Ndikatha kuwerenga ndidakali pomwe ndinali, kungoti tsopano ndili ndi ntchito yowonjezera yokutonthozani. Munthu wagwira mwendo wanga, ndiye ndiyambe kulemba kuti musadandaule a Madalitso, tonse timalakwa. Wolakwiridwa ndine, wotonthoza ndinenso?

Koma za a Kondwani zongotumiza pepala kukamwa kuli tseke, nazonso ayi. Munthu wandilipiritsa katundu amene sanabweretse, wandikumbutsanso ngongole pamwamba, ndiye angoti "landirani"? Ndilipira ndithu, koma ndimulemba mumtima.

aNaphiri:
Tisanafike pa mawu, Madalitso mwana wanga, ndiyankhe funso limodzi. Ndagwira ku maakaunti zaka zoposa makumi awiri, ndipo invoyisi sitiilota. Timaitulutsa kuchokera pa chinachake. Kwanuko imachokera pa oda kapena pa delivale noti, pepala loperekera katundu lija? Nanga a kosungira katundu atapeza kuti makatoni 18 palibe, anauza ndani?

Madalitso:
Imachokera pa oda, amayi. Ndipo… anauza ine. Anandiimbira foni ndili panjira, ndinawauza kuti tumizani 102 omwewo, ndikafika ku ofesi ndisintha oda. Sindinasinthe.

aNaphiri:
Ehe. Ndiye palibe amene anatembenuza manambala, a Kondwani. Mnyamata wa ku maakaunti anatsegula oda, anapeza 120, analemba 120. Anachita ntchito yake bwinobwino. Ndipo iwe Madalitso walemba kuti "ndawadzudzula kale". Wawadzudzula zoona?

Madalitso:
Ayi, ndinangolemba kuti aone kuti tachitapo kanthu.

aNaphiri:
Mzere umenewo ndi umene ungakupweteke kuposa invoyisi yeniyeniyo. Uyenera kudziwa kuti mayi amene ukuwalemberawo amalankhula ndi a ku maakaunti kwanu kawirikawiri kuposa mmene amalankhulira nawe. Mwezi ndi mwezi amatumizirana sitetimenti, amafunsana za malipiro. Imelo yakoyo aitumiza kwa mnyamata yemweyo ndi mawu akuti "onani m'munsimu, titumizireni pepala lokonzera". Iye awerenga kuti analakwitsa ndipo anadzudzulidwa. Tsiku lina udzafuna kuti akutulutsire invoyisi mwachangu madzulo a tsiku lomaliza la mwezi, udzaona mmene adzakuyang'anire.

Ngakhale akanakhala kuti analakwitsadi, kasitomala sizimukhudza. Iye sanachite pangano ndi dipatimenti, anachita ndi kampani. Dzina limene lili pamwamba pa invoyisi ndi limodzi. Ukati "anzathu ndi amene analakwitsa", chomwe akumva n'chakuti kwanuko dzanja lamanja silidziwa za lamanzere, ndipo zikavuta mumalozana zala. Amenewo si mawu omupatsa mtendere.

Tsono pali njira ina yothawira imene anthu ophunzira amaikonda, ndipo ndikuchenjezeretu chifukwa ukachotsa a maakaunti ndi kumene uthawire. Amalemba kuti "invoyisi inalakwika" kapena "panachitika vuto". Inalakwika yokha, ngati mmene mvula imagwera. Chichewa chathu chimasiyanitsa bwino: kulakwika kulibe mwini, kulakwitsa kuli ndi mwini. Lemba "tinalakwitsa". Mawu amodzi amenewo asenza mlandu wonse, ndipo sufunikanso kugwada.

Bambo Gondwe:
Mphwanga, ine ndikuona kuti kalata yokha sikwanira. Pita mu ofesi mwawo abwana akowo, ukhale pansi, ufotokoze maso ndi maso. Bwana amakhululukira munthu wobwera yekha. Ukadikira kuti akuitane, kalata yochenjeza ikupeza. Ndinaziona pa ntchito yanga yakale, mnyamata anabisa nkhani ngati yomweyi mpaka inamudya.

Thoko:
Bambo, kalatayi ikupita kwa kasitomala, osati kwa bwana wake.

Bambo Gondwe:
Oo, ndinawerenga mothamanga, pepani. Komabe abwana adziwe asanamve kwa kasitomala. Pamenepo sindisuntha.

aNaphiri:
Pamenepo musasunthedi, bambo. Tsopano za pepala. Zimene anena a Kondwani, zotsegula invoyisi n'kusintha 120 kukhala 102 pa nambala yomweyo, usayese. Invoyisi ikatuluka n'kupita kwa kasitomala yalowa m'mabuku awiri, anu ndi awo. Ukaisintha mwakachetechete, padziko pakhala mapepala awiri a nambala imodzi koma ndalama zosiyana, ndipo ofufuza mabuku akadzafika adzafunsa kuti lenileni ndi liti. Palinso msonkho. Invoyisi ndi ya Juni, lero tili mu Julayi, ndiye n'kutheka kuti msonkho wa pa 300,000 munaulemba kale m'mabuku a mwezi watha, ndipo kasitomala ngati anailowetsa, nayenso anaulemba kumbali yake. Chokonzera ndi kirediti noti, pepala la nambala yakeyake lotchula invoyisi imene likukonza.

Masamu ake ndi awa. Makatoni 18 pa 2,500 ndi 45,000. Msonkho wake ndi 9,000. Kirediti noti ikhale ya 54,000, ndipo ikachotsedwa pa 360,000 patsala 306,000. Uonetsetse 9,000 imeneyo, chifukwa anthu ogulitsa mumakonda kuwerengera katundu yekha n'kuiwala msonkho. Ukalemba m'kalata kuti tachotsa 45,000 pomwe pepala likuti 54,000, ndiye kuti kalata yopepesa yafunikanso kalata ina yopepesa.

Thoko:
Apa amayi ndisiyana nanu pang'ono. Kwathu makina amafananitsa zinthu zitatu: oda, zomwe zinalandiridwa, ndi invoyisi. Invoyisi ya 120 pa katundu wa 102 imakanidwa pakhomo, silowa n'komwe. Mukanditumizira kirediti noti ya 18, ndiyenera kukakamiza invoyisi yolakwikayo kuti ilowe, ndipemphe siginecha ya bwana, kenako ndilowetse kirediti noti. Ine chimene chimandipepukira ndi kirediti noti yofafaniza 360,000 yonse, ndi invoyisi yatsopano ya nambala yatsopano ya 306,000. Imeneyo imadutsa yokha.

aNaphiri:
Njira zonse ziwiri ndi zoyera m'mabuku. Ine ndimakonda ya 18 chifukwa mapepala amachepa ndipo aliyense woyang'ana amaona msanga chomwe chinalakwika. Koma amene avutike polowetsa ndi iwo, ndiye afunsidwe. Madalitso, imba foni kaye, mphindi ziwiri zokha. Upepese pakamwa kamodzi, ufunse kuti akufuna njira iti, kenako imelo ipite pepala lili kale m'kati. Kalata yopepesa yonena kuti pepala tikutumizirani posachedwa ndi theka la kalata.

Kondwani:
Chabwino, za kusintha invoyisi ndagonja. Koma ndifunseko: iwowo anaona vutoli liti? Invoyisi ya pa 3 Juni, akhala chete mwezi wathunthu. Akanaimba tsiku lomwelo bwenzi nkhani itatha kalekale. Ine ndikanaikamo kamzere kakuti "mtsogolomu mukaona chosiyana mutidziwitse msanga".

Thoko:
Mukanaikamo, ine ndikanakwiya kuposa poyamba. Invoyisi yosagwirizana ndi katundu imapita pa mulu wa zofunsa, ndipo muluwo timaufikira tikapeza mpata. Kuyang'anira mainvoyisi anu si ntchito yanga. Kamzere kanuko ndi kuloza chala komwe kuja, mwangochotsa pa a maakaunti n'kulozetsa kwa kasitomala.

Kondwani:
Koma ndi zoona.

Thoko:
Ndi zoona zimene mungadzanene tsiku lina mukucheza, osati m'kalata imeneyi.

Madalitso:
Ndaimba. Sanali okwiya kwambiri ngati mmene ndimaganizira, chinawawawa kwenikweni ndi uthenga wokumbutsa uja, chifukwa unapitanso kwa bwana wawo ndipo zinaoneka ngati iwo ndi amene akuchedwetsa malipiro. Invoyisi anali atailowetsa kale n'kuiimitsa, ndiye akuti kirediti noti ya 18 ndi yokwanira. Ndapitanso ku maakaunti, ndawauza kuti oda sindinasinthe ndine. Pepala andipatsa, uthenga wokumbutsa auimitsa. Nayi kalata yachiwiri:

"Mayi, zikomo polankhula nane lero. Ndinalakwitsa ine ndekha. A kosungira katundu anandiimbira ndili panjira, ndinati ndikafika ndisintha oda, koma tsiku limenelo kunali misonkhano iwiri ndipo ndinaiwala, choncho a ku maakaunti alibe mlandu uliwonse. Kirediti noti ndi imeneyi. Ndidzayesetsa kusamala kwambiri. Pepani ngati zinakusokonezani."

aNaphiri:
Wachoka ku dzenje lina n'kugwera ku lina. Poyamba unanamizira anzako, tsopano ukuulula machimo. Misonkhano yako iwiri mayiwo atani nayo? Ukayamba kufotokoza za panjira ndi zoiwala, kuvomera kwasanduka kudziikira kumbuyo, ngati ukupempha kuti akumvetse. Chifukwa chake chinenedwe mu chiganizo chimodzi, chongokwanira kuti akhulupirire kuti mwapeza pomwe panadontha: invoyisi inatsatira oda, osati katundu amene anaperekedwa. Basi. Ndipo kunena kuti a ku maakaunti alibe mlandu n'kuwalowetsanso m'nkhani imene sanawatchulemo munthu. Asatchulidwe n'komwe.

Kenako "ngati". Pepani ngati zinakusokonezani. Akuuza okha pa foni kuti bwana wawo anaona uthengawo ndipo anaoneka ochedwetsa malipiro. Palibe za ngati pamenepo. Tchula chinthu chenichenicho chimene chinawapweteka, upepese chimenecho.

Yamikani:
Nkhaniyi yandikumbutsa yanga, ngakhale yanga inali yotembenuka. Ine ndinalipiritsa zochepa. Ndinagwiritsa mitengo ya chaka chatha pa mainvoyisi atatu otsatizana, kasitomala analipira onse mosangalala, ndinazindikira patatha miyezi iwiri. Ndiye tangoganizani kulemba kalata yoti pepani talakwitsa, tipatseni ndalama zina. Ndinapepesa mpaka kalata inadzaza tsamba, ndipo chifukwa chopepesa kwambiri iwo anamva ngati ndikuwauza kuti asalipire. Anayankha kuti "tamva, zikomo, musadandaule", ndalama osatumiza. Mpaka lero sindidziwa ngati sanamvetse kapena anamvetsa bwino kwambiri.

Kondwani:
Mwaona? N'zimene ndimanena ine. Pepani amadya ndalama.

aNaphiri:
Amene anadya ndalama si pepani, ndi kalata yopanda nambala ndi tsiku. Yamikani, unalembamo kuti yotsala ndi yakuti, invoyisi yowonjezera ndi iyi, ilipiridwe pofika tsiku lakuti?

Yamikani:
Ndinalemba kuti tikambirane mmene tingakonzere.

aNaphiri:
Ndiye anakambirana okha n'kugwirizana. Koma yako ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo pamafunika kuona kaye ngati mitengo yatsopano munawadziwitsa polemba. Uyambitse mutu wake, tisasokoneze wa Madalitso.

Thoko:
Chinthu china chimene palibe wachitchula. Imelo yonena kuti "invoyisi ija inali yolakwika, gwiritsani iyi" ndi mmenenso akuba amalembera, amatumiza pepala looneka lenileni koma akaunti ya kubanki ndi yawo. Ife tinaphunzitsidwa kukayikira imelo iliyonse yotere. Muyankhe pa imelo yomwe anakulemberani ija, osayamba yatsopano, ndipo munene kuti akaunti ya kubanki sinasinthe. Mzere umodzi, koma umandipulumutsa kuimba foni yotsimikiza.

Kondwani:
Nanga makatoni 18 aja? Akuwafunabe kapena oda yatsekedwa pa 102? Ukapanda kufunsa, tsiku lina katundu afika, a kosungira atumiza, invoyisi ina ituluka, mayiwo adzati mwayambanso.

aNaphiri:
Apo mwalasa, a Kondwani. Limenelo lilowe.

Madalitso:
Nanga ndilembe "ndinalakwitsa" kapena "tinalakwitsa"? Poti wolakwa ndinedi.

aNaphiri:
Kulakwa n'kwa "ife", kukonza n'kwa "ine". Invoyisi inatuluka m'dzina la kampani, ndiye tinalakwitsa. Koma munthu woti amugwire zikavutanso akhale ndi dzina, ndiye ndaimitsa, ndidzaonetsetsa, mundiimbire ine. "Ine" wa mlandu ukanene ku ofesi kwanu, ndipo wanena kale.

Thoko:
Ine "ndinalakwitsa" sindidana naye, akakhala waufupi. Munthu amene ndagwira naye zaka zinayi akanena kuti oda sindinasinthe ndine, ndimamulemekeza. Zimatengera kuti mumadziwana bwanji. Chimene sindifuna ndi mbiri ya tsiku lonse.

Bambo Gondwe:
Ndipo usalonjeze kuti sizidzachitikanso. Amene amalonjeza zimenezo ndi amene sanagwire ntchito nthawi yaitali.

aNaphiri:
Eya. Lonjeza chinthu chimene munthu angabwere kudzaona ngati chachitika. Ngati mwagwirizanadi ndi a ku maakaunti kuti invoyisi ya kasitomala ameneyu izifananitsidwa ndi delivale noti yosainidwa isanatuluke, nena zimenezo. Ngati simunagwirizane, usalembe.

Latsala ndi tsiku lolipira. Masiku 30 olipirira invoyisi anatha pa 3 Julayi. Kwa ine 306,000 inali ngongole yoona kuyambira pachiyambi, katunduyo analandira ndipo akugwiritsa ntchito. Kuwapatsa masiku 14 kuchokera lero n'kokwanira.

Thoko:
Ayi amayi, masiku amayamba kuwerengedwa pepala lolondola likafika. Sindingalipire invoyisi yolakwika, ndiye mwezi wapitawo si ine ndinauwononga. Masiku 30 atsopano. Komanso ambirife timalipira pa masiku oikika, mwina kawiri pa mwezi, ndiye 14 wanuyo akhoza kugwera pakati.

aNaphiri:
Kasitomala aliyense akanamayamba kuwerenga mwatsopano pa cholakwika chilichonse, makampani ang'onoang'ono bwenzi atatseka. Zimatengera zomwe zili m'pangano lawo. Madalitso, tsikulo usalitchule wekha, ufunse amene ali ndi mphamvu pa ngongole kwanuko.

Madalitso:
Ndafunsa. Pangano silinena kanthu za invoyisi yokonzedwa. Akulu a zachuma akuti ndilembe 22 Julayi, koma ndisiye khomo lotsegula. Agwirizananso nazo zofananitsa ndi delivale noti. Yomwe ndatumiza ndi iyi, mutu wake `INV-2291 / CN-0147`:

"Mayi, zikomo polankhula nane lero. Tinalakwitsa pa invoyisi `INV-2291` ya pa 3 Juni: tinakulipiritsani makatoni 120 pomwe tinapereka 102. Invoyisiyo inatsatira oda m'malo motsatira katundu amene munalandira. Pepani chifukwa cha zimenezi, makamaka chifukwa cha uthenga wokumbutsa ngongole wa pa 7 Julayi, umene sunayenera kutumizidwa. Kuchedwa kwa malipiro sikunachokere kwa inu, ndipo ngati mungafune ndikhoza kuwalembera abwana anu kuwauza zomwezi.

Ndaphatikiza kirediti noti `CN-0147` ya 54,000, kutanthauza makatoni 18 pa 2,500 ndi msonkho wa 9,000. Yotsala kulipira ndi 306,000, ku akaunti ya kubanki yomwe ija, sinasinthe. Tikupempha kuti ilipiridwe pofika pa 22 Julayi. Ngati tsikuli silikugwirizana ndi masiku anu olipira, ndiuzeni loyandikira.

Mauthenga okumbutsa pa invoyisi imeneyi ndaimitsa. Kuyambira pano invoyisi yanu iliyonse izifananitsidwa ndi delivale noti yosainidwa isanatumizidwe. Makatoni 18 otsalawo mukuwafunabe, kapena titseke oda pa 102? Mukawafuna adzabwera ndi invoyisi yawoyawo. Pakakhala china chosagwirizana, mundiimbire ine."

Thoko:
Imeneyi ndingailowetse osaimba foni. Za kuwalembera abwana awo mwaganiza bwino, ngakhale ine ndikanangowaika pa `Cc` iwowo, poti uthenga woipawo anaulandira, wabwinowu aulandirenso.

aNaphiri:
Ayi, wachita bwino kufunsa kaye. Sudziwa za m'nyumba mwa eni. Mwina mayiwo anaizimitsa kale nkhaniyo kwa bwana wawo, iwe n'kukaiyatsanso.

Kondwani:
Pepani mmodzi ndamulola. Koma ndikubetcha kuti apempha kuchotseredwa kenakake pa oda yotsatira.

Madalitso:
Ayankha. Akuti alipira pa 31 Julayi chifukwa ndi tsiku lawo lolipira, abwana awo ndisawalembere, ndipo makatoni 18 akuwafuna sabata yamawa. Za kuchotsera mtengo sanatchule.

Kondwani:
Oda yotsatira sinafike, aise.

Yamikani:
Amayi aNaphiri, mutu wanga uja ndautsegula. Kalata ya mitengo yatsopano ndaipeza, koma ikuoneka kuti inapita kwa munthu amene anali atasiya kale ntchito kumeneko.